Mzere Wakuda pa Chikhadabo

M'midzi yozungulira Nkhamenya, aliyense wolima fodya ankawadziwa mayi Angelina chifukwa cha maso awo. Nyengo yosankha fodya ikafika, anthu ankachita kuwalimbirana. Iwo ankakhala pamphasa m'chigafa miyendo atatambasula, n'kumatola tsamba limodzilimodzi, kuliyang'ana kamodzi kokha, n'kuliponya pamulu wake: lofiirira apa, lamawanga apo, lopserera uko. Belo imene yadutsa m'manja mwawo sinkabwezedwa ku okushoni. Amuna awo, bambo Lucious, anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda kukhala kunazale kudambo atavala majombo, ndipo pakhomo mawu ambiri ankachokera kwa mayiwo.

Panali chinthu chimodzi chimene mayi Angelina sankakonda kuchikamba. Zaka zambiri m'mbuyomo anadwazika mng'ono wawo Yankho, amene anabwera kuchokera ku tauni atatheratu. Yankho anayamba kumwa mankhwala otalikitsa moyo a nthawi imeneyo, ndipo patapita miyezi zikhadabo zake zinada, zina mizeremizere, zina bii zonse. Anachirako, koma kenako chifuwa chachikulu chinamutenga. Mayi Angelina ndi amene ankamusambitsa ndi kumuwenga zikhadabozo. Kuyambira pamenepo anakhulupirira kuti matenda amenewa angathe kuwaona pa dzanja la munthu monga amaonera nkhungu pa tsamba la fodya.

Mwana wawo wamwamuna, Raymond, anakwatira mtsikana wa ku Chisemphere dzina lake Chiyamiko, n'kubwera naye kudzakhala pamudzipo. Anali mtsikana wolimbikira ntchito, wosayankha akulu mwamwano. Chaka chachiwiri cha ukwati anaima. Miyezi yothyola ndi kusoka fodya manja a aliyense amakhala akuda ndi utomoni, moti palibe amayang'ana zala za mnzake. Koma fodya atauma, manja atayera, tsiku lina Chiyamiko anawapatsira apongozi akewo kapu ya madzi m'chigafa. Mayi Angelina sanaone madziwo. Anaona zikhadabo. Pa zala zingapo, dzanja ili ndi linalo, panali timizere takuda totsika kuchokera kutsinde la chikhadabo mpaka kunsonga.

Madziwo anangowaika pansi osamwa.

Madzulo a tsikulo anamuitanira Raymond kuseri kwa nkhokwe.

“Iwe, mkazi wakoyu unamufunsa bwinobwino za kumene anachokera?”

“Mukutanthauza chiyani, amayi?”

“Zala zake waziona? Ine zimenezija ndikuzidziwa. Ndinaziona pa mayi ako aang'ono.”

Raymond anapukusa mutu. “Amayi, tinakayezetsa tonse awiri tsiku loyamba la sikelo. Tilibe.”

“Iwe ulibe. Za iye unamva ndi makutu ako? Kapena akumwa mobisa?”

“Tinali limodzi m'chipindamo, amayi.”

Koma mayi Angelina anali atagamula kale. Mwana wamwamuna, iwo anatero mumtima, amateteza mkazi wake ngakhale zinthu zili poyera. Anamupatulira Chiyamiko mbale ndi kapu yakeyake, ati munthu woyembekezera amafunika ziwiya zoyera. Lezala lowengera zikhadabo analibisa padenga. Ndipo tsiku lina, akusankha fodya wa eni ake pamodzi ndi amayi ena a mumphakati wawo wa kutchalitchi, anatsitsa mawu n'kunena kuti pakhomo pawo palowa mavuto, ndipo amene akufuna kudziwa akangoyang'ana manja a mtengwa. Amayiwo anadzuma. Mmodzi yekha, a Dorika, mayi wamasiye woimba kwaya, sanadzutse mutu pa fodya amene ankamanga.

Sabata isanathe nkhani inali itafika pamjigo. Chiyamiko akatula ndowa, amayi ankasiya kucheza n'kumayang'ana manja ake ali pa chogwirira. Wina anafika pomufunsa mokoma ngati akumwa mankhwala mwandondomeko kuti ateteze mwana. Chiyamiko anabwerera kunyumba ndowa ili theka.

Sanalire pamaso pa anthu. Anadikira apongozi ake atakhala pakhonde, anagwada chapatali monga mwa ulemu, n'kunena kuti, “Amayi, mawa ndi tsiku langa la sikelo. Ndikupempha tipitire limodzi.”

“Ine ndikatani kumeneko?”

“Mukamve nokha. Zanga zonse ndikawauza adokotala kuti akuuzeni.”

Mayi Angelina anavomera, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akukamva zimene ankazidziwa kale.

Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, atatha za sikelo, Chiyamiko anapempha kuonana ndi a Frazer, dokotala wa pamalopo, bambo wa imvi zapatalipatali amene anakhalitsa pachipatalapo. Anafotokoza zonse mosabisa, apongozi ake ali pa benchi pambali pake, ndipo anapempha kuti amuyezenso magazi. Anamubaya chala, anadikira pang'ono, zotsatira zinatuluka monga poyamba. Analibe kachilombo.

“Nanga zikhadabozo?” anafunsa mayi Angelina, mawu atayamba kuchepa.

A Frazer anatenga manja a Chiyamiko n'kuwatembenuzira kuwindo. “Mizereyi inayamba liti, mayi?”

“Iwiriyi ndakula nayo. Amayi anga alinso nayo. Inayi yaoneka ndili ndi pakati, ndipo yonse yaderako.”

“Ndi zimene ndimaganiza,” anatero a Frazer. Anatembenukira kwa mayi Angelina. “Amayi, ife anthu akhungu lakuda ambiri tili ndi mizere yotere. Chimene chimadetsa khungu lathu ndi chomwecho chimene chimalowa m'chikhadabo. Mayi akaima, mizere imatha kuda kwambiri kapena kuonjezekera, monga umadera mzere wa pamimba uja. Onani: ndi yopyapyala, yowongoka, ili pa zala zingapo, ndipo sikufalikira pakhungu. Imeneyi sindida nayo nkhawa.”

“Komatu mng'ono wanga…”

“Ankamwa mankhwala akale aja? N'zoona, ena mwa iwo ankadetsa zikhadabo za anthu ena. Amene ambiri akumwa masiku ano sachita zimenezo kawirikawiri. Koma ngakhale kale, chikhadabo sichinali choyezera kachilombo. Choyezera ndi magazi basi.”

Mayi Angelina anayang'ana pansi. Ankafuna atatuluka, koma a Frazer, poona kuti nkhani ya zikhadabo yavuta pabanjapo, anapitiriza.

“Mzere umene ine ndimauopa ndi wina. Umabwera pa chikhadabo chimodzi chokha, kawirikawiri chala chachikulu cha kudzanja kapena cha kuphazi, mwa munthu wachikulire amene analibe kale. Umanka nukula m'lifupi, mtundu wake sufanana, pena pakuda kwambiri pena pofiirira, ndipo kudako kumatha kutulukira pakhungu la m'mbali mwa chikhadabo. Suwawa poyamba, n'chifukwa chake anthu amaunyozera. Ena amati anapunthwa. Koma magazi opunthwa amayenda ndi chikhadabo chikamakula, mpaka amatha. Uwu suchoka. Umenewo ukhoza kukhala khansa ya pakhungu, ndipo munthu asamachedwe nawo.”

Pamene a Frazer ankalankhula, phazi lamanzere la mayi Angelina linabwerera lokha pang'onopang'ono n'kulowa pansi pa benchi. Pa chala chachikulu cha phazi limenelo panali mzere wakuda umene unayamba dzinja la chaka chapitacho. Poyamba unali ngati ulusi. Tsopano unali utatenga pafupifupi theka la chikhadabo, ndipo khungu la kutsinde linali litayamba kuda. Iwo ankati ndi khasu linawagunda, ngakhale sankakumbukira tsiku lake. Kuchipatalako anali atavala nsapato zansalu zopitira kutchalitchi, ndiye palibe akanaona.

“Pali funso lina, amayi?” anafunsa a Frazer.

“Ayi, bambo. Zikomo.”

Akanavula bwanji nsapato pamenepo? Anabwera kudzagwira mwana wa eni ake bodza, ndiye atuluke iwowo ali wodwala, mtsikanayo akuonerera?

Pobwerera anayenda motsogozana, Chiyamiko patsogolo. Atayandikira mudzi, pamene njira imadutsa pakati pa minda ya fodya yongotsala mapesi, Chiyamiko anaima osacheuka.

“Amayi, chala chanu chija mukachionetse. Ndimachiona mukamasamba mapazi.”

Anangonena zomwezo n'kupitiriza ulendo. Mayi Angelina akanakonda akanawatukwana.

M'mawa mwake Chiyamiko analongedza zovala zake. Raymond anamuperekeza panjinga yamoto kwawo ku Chisemphere, ati akachirire kwa amayi ake, ndipo aliyense pamudzipo anadziwa kuti si chifukwa chokhacho. Raymond atabwerako anasiya kudyera kwa makolo ake. Ankapereka moni m'mawa, n'kumapita.

Mayi Angelina sanapite kuchipatala. Kubwerera kwa a Frazer kunali ngati kukavula pamsika. Anayamba kuvala nsapato zansalu zija tsiku lililonse, ngakhale popita kudimba, ndipo ankasamba mapazi kubafa chitseko atatseka. Anthu akafunsa za Chiyamiko ankayankha mwachidule kuti ali bwino. Zoti magazi anapezeka abwino sanauze aliyense, chifukwa kunena zimenezo kunali kuvomera kuti iwo ananama. Ankadzilimbitsa mtima poyang'ana mapazi a amuna awo. Zikhadabo za bambo Lucious zinali zokhuthala, zachikasu, zofumbutuka ngati chinangwa chofukwa, ndipo anakhala nazo zaka zambiri osafa. Ndiye changachi chavuta n'chiyani, ankadzifunsa. Koma mawu a dokotala aja ankawabwerera akamapalasa moto, akamasenza madzi: chala chimodzi, umanka nukula, suwawa.

Mwezi wa Ogasiti, mphepo ya fumbi ili pakati, chikhadabocho chinang'ambika pakati. Tsiku lina madzulo akuvula nsapato kuseri kwa khitchini, nsaluyo inali itamatirira ndi magazi. Bambo Lucious anatulukira akuchokera kokweza mbuzi m'khola.

“Chimenecho n'chiyani, mayi?”

“Ndapunthwa.”

Bamboyo anagwada, anagwira phazilo n'kuliyang'anitsitsa. “Kupunthwa sikutere. Chayamba liti?”

Apa mayi Angelina analira, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu, n'kuwauza zonse: za mzere, za mawu a dokotala, za zimene Chiyamiko ananena panjira. Bambo Lucious anamvetsera mpaka pamapeto.

“Ndiye miyezi yonseyi mwakhala mukudziwa?”

“Ndimachita manyazi.”

“Manyazi ndi ndani? Mawa tikupita.”

A Frazer sanawakumbutse za ulendo woyamba uja, ndipo kusakumbutsako kunawawa kuposa kukalipiridwa. Anayang'ana chalacho nthawi yaitali, anapapasa m'mphechepeche kufufuza mwanabere, sanapeze chotupa. Anati zimenezo n'zolimbikitsa, koma chalacho chikufunika akatswiri, ndipo anawatumiza ku chipatala cha pa boma. Asanatuluke, bambo Lucious anavula jombo n'kufunsa za zikhadabo zawo. A Frazer anati amenewo ndi mafangasi, matenda onga nkhungu obwera chifukwa mapazi amakhalitsa m'majombo onyowa. Amachedwa kutha, amafuna mankhwala a miyezi ingapo ndi kuumitsa mapazi, koma si khansa.

Ku boma anawatumizanso ku Lilongwe, ku chipatala chachikulu, kwa madokotala a khungu. Pamzere wodikira mayi Angelina anakhala moyandikana ndi mayi wina wovala mpango wophimba mutu, amene anati dzina lake ndi Tatu ndipo ali ndi golosale kwa Mwase. Zikhadabo zake zonse zinali ndi timaenje ting'onoting'ono ngati wina anazibaya ndi singano, ndipo m'zigongono munali zigamba zoyera zomakanuka.

“Madokotala akuti timaenjeti timayendera limodzi ndi nthenda ya pakhunguyi,” anatero Tatu. “Siyopatsirana, ndimangodzola mankhwala. Koma mayi wina anauza anthu kuti ndi khate. Mpaka lero ena safuna kulandira buledi m'manja mwanga. Amati ndiike pa kauntala.”

“Mayi ameneyo munamudziwa?”

“Ndimamudziwa. Amabwerabe kudzagula sopo.”

Mayi Angelina anangoyang'ana bandeji ya pa phazi lawo mpaka dzina lawo linaitanidwa.

Madokotala anadula kachidutswa pansi pa chikhadabo n'kukatumiza kokayeza. Zotsatira zinatenga masabata, ndipo pa nthawi yodikirayo uthenga unafika kuti Chiyamiko wachira, mwana wamkazi. Raymond anapita yekha. Zotsatira zitabwera zinatsimikiza kuti inali khansa. Dokotala wamkazi amene anawauza sanazungulire: chala chiyenera kudulidwa, ndipo akanabwera mzere ukadali waung'ono mwayi woti nthendayo isabwerere ukanakhala waukulu kuposa pano. Anati azibwera kudzaonedwa kawirikawiri, ndipo akadzamva chotupa m'mphechepeche asadzadikire tsiku lawo.

Anawadula chalacho mvula yoyamba itatsala pang'ono. Anabwerera kumudzi akuyenda ndi ndodo, ndipo anthu a mumphakati anagwirizana kuti mapemphero a sabata imeneyo achitikire pakhomo pawo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi pamphasa, abambo pamipando. Atatha mapemphero, mayi Angelina anapempha kulankhula. Anayesa kuimirira, anthu anati akhale, koma anaimirirabe atatsamira ndodo.

“Abale anga, ine ndinalakwa. Ndinanena za mpongozi wanga zinthu zabodza. Ndinaona mizere pa zikhadabo zake n'kuyamba kulalika. Mwana uja alibe kachilombo. Ndinamva ndekha kuchipatala kalekale, koma ndinakhala chete. Ndi mwana wabwinobwino, woyera. Amene ndinali ndi nthenda pa chikhadabo ndi ine.”

Anthu anang'ung'udza movomereza. Wina anayamba kuwomba m'manja. Koma a Dorika, amene anakhala kumapeto kwa mphasa, anakweza dzanja.

“Mayi, mwalankhula bwino. Koma ndifunse. Akanapezeka nako, bwenzi zimene munachitazo zili zolondola?”



“Ine ndimamwa mankhwala amenewo,” anapitiriza a Dorika, mawu osakwera. “Chiyambire pamene anamwalira bambo a kunyumba. Ena pano mukudziwa, ena ayi. Tsiku lija m'chigafa ndinali pambali panu, ndipo masana ake tinadyera mbale imodzi. Onani manja angawa. Mukuonapo chiyani? Lero mukuti mwana uja ndi woyera. Ndiye ine ndine wotani?”

Mayi Angelina anali atakonzekera manyazi a tsikulo, anawayeseza mumtima ali pabedi la kuchipatala, koma awa sanawaganizireko. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

“A Dorika, ndilibe choyankha,” anatero pamapeto pake. “Mundikhululukire.”

“Ndamva,” anatero a Dorika. Kenako anayambitsa nyimbo yotsekera, poti ndi iwo ankayambitsa nthawi zonse, ndipo anthu anaitsatira mosokonekera.

Bala litapola, mayi Angelina anapempha Raymond kuti awatengere ku Chisemphere. Ananyamula nkhuku ndi nsalu yoberekera mwana. Amayi ake a Chiyamiko anawalandira pakhonde mwaulemu wozizira, ndipo anawasiya alankhule mpaka amalize okha, osawathandiza ndi liwu limodzi. Chiyamiko anatuluka ndi khanda, anagwada, anawapatsira. Anayang'ana phazi lija, limene tsopano linali m'nsapato yotsegula kutsogolo.

“Munapita mochedwa, amayi.”

“Ndinachedwa, mwanangu.”

“Akuti chiyani madokotala?”

“Akuti ndizipitabe azikandiona. Sakulonjeza.”

Chiyamiko anagwedeza mutu. Za kubwerera sananene kanthu tsiku limenelo.

Chiyamiko anabwerera fodya watsopano atayamba kuthyoledwa, koma anapempha kuti Raymond amange nyumba yawo kutsidya kwa msewu, pafupi ndi munda. Amabwera kudzapereka moni, amabweretsa mwana kuti agogo ake amunyamule, ndipo dzuwa likapendeka amamutenga n'kuwoloka msewu. Pamjigo alipobe ena amene amati pamene panamveka nkhani payenera kuti panali kanthu, ndipo mayi Angelina akamva zimenezo amapita okha kukatsutsa, khomo ndi khomo, akutsimphina.

Masiku opita ku Lilongwe amadzuka m'mamawa. Bambo Lucious amawakweza pa kaliyala ya njinga mpaka pamsewu waukulu, n'kuima nawo pamenepo kudikira minibasi.